Chimanga chimalemera ndi chiyani? Luso lolemba mayankho olakwika pa mayeso a bayoloje

Ku Area 11 mumzinda wa Lilongwe mitengo ndi yambiri kuposa anthu oyenda pansi. Ina idakula mpaka nthambi zake zidadutsa pamwamba pa mipanda n'kukachita mthunzi pamsewu, ndipo dzinja likafika malo ena opanda nyumba amabiriwira ndi chimanga cha anthu ogwira ntchito m'deralo. Mtengo umodzi wotere utagwetsedwa n'kuuma, nkhuni zake zingadzaze lole. Tsono imitsani mwana wa Fomu 2 amene akudutsa ndi chikwama cha mabuku, mumufunse kuti kulemera konseku kudachokera kuti. Kawirikawiri ayankha mosazengereza kuti kudachokera m'nthaka. Mukamufunsanso kuti fotosinthesisi n'chiyani, akulakatulirani bwinobwino kuti zomera zimatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi madzi n'kupanga shuga mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Mayankho awiriwa amakhala m'mutu umodzi osakumana, ndipo mayeso ambiri amene timalemba m'sukulu zathu amangofunsa lachiwirilo.

Likulu la Unduna wa Zamaphunziro lili ku Capital Hill, chapafupi ndi Area 11. Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a boma amalembedwa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987. Mafunso osankha yankho, aja a A, B, C ndi D, mwana amakumana nawo pa mayeso a Sitandade 8 komanso pa JCE, yomwe idaimitsidwa kwa zaka zingapo n'kubwereranso mu 2021. Koma mafunso ochuluka a mtunduwu salembedwa ku Zomba. Amalembedwa ndi mphunzitsi wa m'kalasi, madzulo kunyumba kapena m'chipinda cha aphunzitsi, pokonzekera mayeso a pakati pa teremu. Iyeyu ndiye ali ndi mwayi umene wolemba mayeso a dziko lonse alibe: atha kulemba funso osati lopezera malikisi chabe, koma lomuuza chimene mwana aliyense akuganiza. Chinsinsi chake chili m'mayankho atatu olakwika aja, amene ambiri timawalemba mothamanga titamaliza kale kuganizira yankho lolondola.

Taonani funso lofala. Likuti: zomera zimagwiritsa ntchito mpweya uti popanga chakudya chawo? Mayankho ndi okosijeni, kaboni dayokisaidi, nayitirojeni ndi hayidirojeni. Funsoli silolakwika, koma ana ambiri amalikhoza chifukwa adaloweza, ndipo amene walephera sitidziwa kuti wasochera pati. Palibe mwana amene amakhulupiriradi kuti chimanga chimapuma hayidirojeni; yankholo lidaikidwa kuti mizere ikwane inayi. Choncho mphunzitsi amachonga, amalemba malikisi m'kaundula, n'kupitirira ku mutu wina ali ndi chikhulupiriro chakuti fotosinthesisi yamveka.

Njira ina imayamba sabata imodzi mayeso asanalembedwe, ndipo simayamba ndi A, B, C, D ayi. Mphunzitsi amapatsa ana timapepala n'kulemba pabolodi funso lopanda mayankho osankha: njere imodzi ya chimanga yabzalidwa, patapita miyezi inayi pali phesi lalitali ndi chitsononkho chodzaza, zinthu zapanga phesi ndi njere zonsezi zachokera kuti? Ana alembe ziganizo ziwiri kapena zitatu, m'chilankhulo chimene akufuna, osalemba dzina, ndipo auzidwe kuti palibe malikisi. Akangodziwa kuti pali malikisi, amasiya maganizo awo n'kuyamba kukumbukira manotsi. Kenako mphunzitsi amayala timapepalato patebulo n'kumaunjika tofanana pamodzi. Pamapezeka milu yochepa, osati makumi asanu ndi limodzi monga kuchuluka kwa anawo. Mulu waukulu umakhala wa nthaka ndi feteleza: "mizu imadya feteleza ndiye chimanga chimanenepa". Wina umakhala wa madzi a mvula. Wina, umene umachokera kwa ana amene adamvetsera m'kalasi koma adamva mwatheka, umati kuwala kwa dzuwa kumasanduka chakudya. Milu imeneyi ndiyo mayankho olakwika a funso lathu, ndipo alembedwe pafupi kwambiri ndi mmene anawo adawanenera. Pinchas Tamir, katswiri wa maphunziro a bayoloje wa ku Israel, adalimbikitsa njira yotenga mayankho olakwika kuchokera kwa ophunzira enieni kale mu 1971, ndipo mpaka lero palibe njira ina yoiposa, chifukwa munthu amene adadziwa phunziro zaka zambiri zapitazo adaiwala mmene losadziwika limaonekera.

Funso lake lingatuluke chonchi:

Mlimi wakolola chimanga n'kuchiumitsa kwambiri. Gawo lalikulu la kulemera kwa chimanga choumachi lidachokera kuti?

A. Ku michere ya m'nthaka ndi feteleza imene mizu idayamwa
B. Ku madzi a mvula amene mizu idayamwa m'nthaka
C. Ku mpweya wa mumlengalenga umene masamba adatenga
D. Ku kuwala kwa dzuwa kumene masamba adalandira

Mawu aliwonse m'funsomu ali ndi ntchito yake. Mawu oti "choumachi" sangachoke, chifukwa chimanga chachiwisi, monga mondokwa wootcha pamsewu, chimakhala ndi madzi ambiri, ndipo mwana wosankha B akadakhala ndi mfundo yomveka. Mawu oti "gawo lalikulu" nawonso sangachoke, chifukwa nthaka ndi madzi zimaperekadi kanthu. Zouma za chomera, pa magawo 100 alionse, pafupifupi 45 ndi kaboni, ena pafupifupi 45 ndi okosijeni, ndipo 6 ndi hayidirojeni. Kaboni ndi okosijeni wa mu shuga amene tsamba limapanga amachokera ku kaboni dayokisaidi, hayidirojeni amachokera ku madzi, ndipo michere yonse ya m'nthaka, nayitirojeni ndi inzake, imangotenga timagawo tochepa totsalato. Mukachotsa mawu awiri aja, mwana wanzeru atha kukutsutsani, ndipo adzakhala akulondola.

Onaninso kuti mayankho anayiwo ndi otalika mofanana ndipo amangidwa mofanana. Ana athu ndi akatswiri pozindikira zizolowezi za aphunzitsi. Amadziwa kuti yankho lalitali kuposa ena, kapena lokhala ndi mawu a sayansi okhaokha pakati pa mayankho a mawu wamba, nthawi zambiri ndilo lolondola. N'chifukwa chake pa C sitidalembe kaboni dayokisaidi kapena fotosinthesisi. Tikadatero, mwana akadangoona mawu a m'buku n'kuchonga, maganizo ake a nthaka n'kutsala osakhudzidwa. Pa chifukwa chomwecho, yankho lakuti "zonse zili pamwambazi" lilibe malo pano, pakuti limasakaniza milu imene tavutika kuilekanitsa. Yankho lililonse lolakwika linyamule ganizo limodzi lokha. Ndipo ngati timapepala tija tangotulutsa maganizo olakwika awiri, funso likhale ndi mayankho atatu basi. Michael Rodriguez, atasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 80 pa nkhaniyi, adalemba mu 2005 kuti mayankho atatu amakwana pa mafunso ambiri. Lachinayi lopeka mokakamiza limangotaya nthawi ya mwana.

Mwina wina anganene kuti uku n'kutchera ana msampha. Ine sindikuvomereza. Funso la msampha limakola mwana amene akudziwa, pomubisira mawu monga "osati" pakati pa chiganizo kapena pomupatsa mayankho awiri osiyana chilembo chimodzi. Funso lathuli silibisa kanthu. Mwana amene wamvetsadi kumene kaboni wa chomera amachokera sangakopeke ndi A, ngakhale atalembedwa mokoma bwanji. Amene amakopeka ndi amene ganizo la nthaka lili kale mumtima mwake, ndipo ndi bwino lionekere m'kalasi mwezi wa Febuluwale kusiyana ndi kuti lidzabisale mpaka mwanayo atamaliza sukulu.

Ganizo la nthakali sililinso la uchitsiru, ndipo mphunzitsi amene amaliseka sadzalichotsa. Mwana wa ku Malawi adaona ndi maso ake kusiyana kwa munda wothira feteleza ndi wosathira. Adamva alangizi ndi makolo akunena kuti feteleza ndi chakudya cha mbewu. Mpweya saugwira m'manja, ndipo kaboni dayokisaidi mumlengalenga ndi wochepa kwambiri, pafupifupi magawo 4 pa 10,000 alionse. Kumuuza kuti thumba la chimanga limene limamupweteka khosi popita kuchigayo lidachokera ku mpweya n'kumuuza chinthu chotsutsana ndi zonse zimene thupi lake limamva. Si ana athu okha. Kanema wina wa maphunziro amene adatuluka ku America mu 1997 adaonetsa omaliza maphunziro a ku Harvard ndi MIT, atavala mikanjo yawo, akulephera kufotokoza kuti chipika cha mtengo chidachokera makamaka ku mpweya. Ngakhale B ali ndi mwini wake wotchuka. Jan Baptist van Helmont, m'buku limene lidasindikizidwa mu 1648 iye atamwalira, adafotokoza kuti adabzala kamtengo kolemera makilogalamu 2 ndi pang'ono mumphika wa dothi louma lokwana pafupifupi makilogalamu 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengowo udafika pafupifupi makilogalamu 77, pamene dothi lidangochepa ndi magalamu osakwana 60. Adaona bwino kuti si dothi, koma adaganiza kuti ndi madzi. Mwana wosankha B ali pomwe padaima munthu ameneyo, ndipo ali patsogolo pa wosankha A.

Tsopano tiyerekeze kuti funso lija lalembedwa ndi kalasi ya ana 60, ndipo zotsatira zake ndi izi: 27 asankha A, 9 asankha B, 15 asankha C, ndipo 9 asankha D. Wongoyang'ana malikisi anena kuti ana 15 okha mwa 60 akhoza, chomwe ndi gawo limodzi mwa anayi, chimodzimodzi ndi zimene zikadachitika aliyense akadangolota. Koma akadakhala akulota, yankho lililonse likadapeza ana pafupifupi 15. Apa pafupifupi theka la kalasi launjikana pa A. Anawa sakulota, ali ndi chikhulupiriro, ndipo akuchitsatira. Ichi ndicho chimene funso lofala lija silikadatha kuonetsa. Kuwerenga kotere sikufuna kompyuta. Mphunzitsi amangojambula mizere inayi kuseri kwa pepala n'kumaika kandodo pa yankho lililonse pamene akuchonga. Ena amapatsa ana makadi anayi olembedwa zilembo kuti akweze onse nthawi imodzi, ndipo amaona kalasi yonse m'kanthawi kochepa. Kukweza manja sikuthandiza, chifukwa ana amayang'ana kaye mnzawo amene amakhoza bwino.

Pali sitepe inanso yothandiza kudziwa ngati funsolo lili bwino. Mumasanja mapepala monga mwa malikisi a mayeso onse, n'kutenga magawo 27 pa 100 a pamwamba ndi 27 a pansi, monga adalangizira Truman Kelley mu 1939. M'kalasi ya 60, amenewo ndi ana 16 mbali iliyonse. Tiyerekeze kuti mwa 16 apamwamba, 6 asankha C ndipo 7 asankha A. Mwa 16 apansi, 3 asankha C ndipo 6 asankha A. Kusiyana kwa okhoza ndi ana atatu pa 16, kapena kuti 0.19. Mabuku ambiri a kalembedwe ka mayeso amati funso lotsika kuposa 0.2 silikusiyanitsa bwino odziwa ndi osadziwa, ndipo liyenera kukonzedwa kapena kutayidwa. Pa mayeso osankhira ana opita ku sekondale kapena ku yunivesite, lamulolo lili ndi chifukwa chake. Koma m'kalasi, kulitaya funsoli kungakhale kutaya uthenga wofunika kuposa wonse: ngakhale ana amene timawadalira, asanu ndi awiri mwa iwo akadali pa nthaka. Philip Sadler wa ku Harvard adaonetsa mu 1998 kuti mafunso a mtundu uwu amachita zachilendo, moti nthawi zina ana apakati amasankha ganizo lolakwika lotchuka kuposa ana apansi, chifukwa apansi amangolota pamene apakati amayesa kuganiza. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa n'china: yankho limene palibe wasankha, kapena losankhidwa ndi ana awiri okha mwa 60. Limenelo ndi lakufa, ndipo lilowedwe m'malo ndi lina lochokera ku timapepala tija.

Funso silichiza, limangoloza pamene pakupweteka. Kwa ana 27 a nthaka aja, kubwereza manotsi a fotosinthesisi n'kuwononga choko, pakuti adawaloweza kale. Chimene chimawagwedeza ndi masamu a m'munda wa kwawo. Tiyerekeze mlimi wathira thumba limodzi la NPK ndi limodzi la yureya, lililonse la makilogalamu 50, n'kukolola matumba 20 a chimanga olemera chimodzimodzi. Walowetsa makilogalamu 100, watulutsa 1,000, osawerengera mapesi ndi zitsononkho. Enawo achokera kuti? Ana amati m'dothi, ndipo apa ndi pamene mphika wa van Helmont umagwira ntchito, komanso funso lakuti ngati munda umataya matani a dothi m'chimanga chaka ndi chaka, bwanji minda ya agogo siidasanduke maenje. Kenako mubweretse chidutswa cha khala m'kalasi. Makala ndi nkhuni zimene zachotsedwa zina n'kutsala makamaka kaboni, ndipo m'matumba 20 aja muli kaboni wokwana pafupifupi makilogalamu 400. Feteleza wa makilogalamu 100 sangabale zimenezo. Ntchito yake ndi ina: nayitirojeni amafunika popanga mapuloteni ndi zobiriwira za tsamba zogwira kuwala, ndiye akasowa, masamba amachita chikasu ndipo chomera chimalephera kutenga mpweya wokwanira. Ana 9 a D akufunika phunziro losiyana kotheratu, la kusiyana kwa mphamvu ndi zinthu zolemera: kuwala kumapereka mphamvu yolumikizira, koma sikupereka zomangira. Kafukufuku wa Sadler ndi anzake wa mu 2013, wa aphunzitsi 181 ndi ophunzira oposa 9,000 a sayansi ku America, adapeza kuti pa mafunso okhala ndi ganizo lolakwika lotchuka, ana ankapindula kwambiri kwa mphunzitsi amene ankatha kuneneratu yankho lolakwika limene ambiri asankhe. Kudziwa yankho lolondola lokha sikudali kokwanira.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo oyamba ndi akuti mwana atha kusankha C pa chifukwa cholakwika. David Treagust ndi Filocha Haslam a ku Australia adakonza mu 1987 mafunso a magawo awiri okhudza fotosinthesisi ndi kupuma kwa zomera: gawo loyamba limafunsa yankho, lachiwiri limafunsa chifukwa. Mwana amakhoza pokhapokha zonse ziwiri zalondola, ndipo ngati gawo lililonse lili ndi mayankho anayi, mwayi wa wolota umatsika kuchoka pa umodzi mwa 4 kufika pa umodzi mwa 16.

Mutu umene magawo awiriwa amafunikira kwambiri kwa ife ndi wa kusintha kwa zamoyo mwa chilengedwe, umene ana a Fomu 4 amaphunzira, ndipo chitsanzo chake chabwino n'cha kwathu konkuno. Mu 1993 Malawi adakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ngati mankhwala oyamba a malungo n'kuyamba fansida, chifukwa kolorokwini adali atasiya kuchiza. Funsani kuti, kodi n'chiyani chidasintha: thupi la wodwala, udzudzu, tizilombo toyambitsa malungo, kapena mphamvu ya mapiritsi? Yankho lakuti thupi lidazolowera mankhwala limakoka ambiri, chifukwa ndi mmene timalankhulira tsiku ndi tsiku. Koma ngakhale mwa amene asankha tizilombo, gawo lachiwiri limawagawanso. Ena amati kachilombo kalikonse kadazolowera pang'onopang'ono. Ena amati tizilomboto tidadzisintha chifukwa tinkafuna kupulumuka. Ochepa ndi amene amati padali tina tokhala kale ndi chibadwa chopirira mankhwalawo, ndipo ena atafa, timeneti tidatsala n'kuswana. Popanda gawo lachiwiri, magulu atatuwa akadalandira malikisi ofanana. Chokoma n'chakuti mbiri yathu yomweyi imayesa maganizowa. Kafukufuku wa ku Blantyre adapeza kuti chizindikiro cha chibadwa chopirira kolorokwini chidatsika kuchoka pa 85 pa 100 mu 1992 kufika pa 13 mu 2000, mankhwalawo atasiya kugwiritsidwa ntchito. Tizilombo topirira tidalibenso mwayi woposa tinzake, ndipo tinzaketo tidachulukanso. Mwana wa "thupi lidazolowera" amavutika kufotokoza zimenezi, pakuti ana ang'ono ambiri amene kolorokwini ankalephera kuwachiza adali asadamwe mankhwalawo nthawi yaitali yoti n'kuwazolowera. Izi n'za m'kalasi chabe. Kuchipatala mankhwala oyamba a malungo akhala LA kuyambira 2007.

Malire achiwiri ndi chilankhulo. Mayeso a bayoloje amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mwana akasankha B sitidziwa nthawi zonse ngati amakhulupiriradi za madzi kapena sadamve mawu onena za kuuma. Njira yodziwira ndi yapafupi. Funso lisanalowe m'mayeso, muitane ana atatu kapena anayi a nzeru zosiyana, mmodzimmodzi, aliwerenge mokweza n'kulifotokoza m'Chichewa, kenako anene chifukwa chimene akukanira yankho lililonse. Ngati mwana afotokoza bwino za mpweya m'Chichewa koma papepala wasankha zina, vuto lili m'chiganizo chanu, ndipo chifupikitsidwe.

Chomaliza n'chakuti funso limodzi silokwanira kumugamula mwana, ndipo funso lomwelo likabwerezedwa limatha mphamvu, chifukwa kalasi yonse imaloweza kuti pa chimanga yankho ndi mpweya. Pakapita masabata atatu kapena anayi, ganizo lomwelo lifunsidwe litavala zina, ndipo ndi bwino kulitembenuza. Thumba la makala lolemera makilogalamu 30 laphikiridwa mpaka latha, ndipo phulusa lotsala silikudzaza ngakhale chidebe chaching'ono. Kulemera kwina kuja kwapita kuti? Mayankho atengedwenso kwa anawo: kwasanduka kutentha, kwangotha ndi moto, kwalowa m'chakudya chophikidwacho, kwapita mumlengalenga ngati mpweya. Kenako muike mapepala awiriwo pamodzi, dzina ndi dzina. Amene adasankha kuwala kwa dzuwa pa chimanga ayang'anidwe ngati asankhanso kutentha pa makala, chifukwa akatero ndi ganizo limodzi lomwelo losokoneza mphamvu ndi zinthu, ndipo phunziro lotsatira liyambire pamenepo.